A Laston Anaseka Mbande Zitauma

Anthu okwera minibasi pa Mwanza Boma amagula manachesi pawindo, kusenda, kutaya makoko pansi, osafunsa n'komwe kuti mitengo yake anaimezanitsa ndani. Yambiri mwa mitengo imene ikubala kwa Kanduku lero inadutsa m'manja mwa a Laston Gwetsani, bambo wamfupi wa imvi za m'mbali, amene masiku ano mungakumane naye akukankha njinga pachitunda, mpeni uli m'thumba la malaya. Palibe chikwangwani chimene chili ndi dzina lawo. Zikwangwani kuno amalembapo mayina a anthu amene anabwera pa galimoto.

A Laston anabadwira konko kwa Kanduku. Bambo awo anali telala wa pakhonde, munthu wosalankhulalankhula, amene analera ana ake mmene analeredwera iye. Mwana akamadzudzulidwa sayang'ana wamkulu m'maso, chifukwa kutero n'kufunsa ndewu. Mwamuna sagwetsa misozi pagulu. Uthenga woipa sauponya ngati mwala: umayamba wakhala pansi, kupereka moni, kufewetsa nkhope, kuti woumvayo mtima usamudumphe. Ndipo ukachititsidwa manyazi pamaso pa anthu, umaseka pang'ono uku ukukanda m'mutu. Kuseka kumeneko aliyense wa kuno amakumva. Kumanena kuti ndagonja, ndamva, musapitirize kundivula.

Sukulu anailekera panjira. Luso la mitengo analitola pa munda wa amishoni, kwa mkulu wina amene anawaonetsa kufesa njere za mandimu m'machubu, kudikira tsinde lifike ngati pensulo, kenaka kucheka khungwa n'kulowetsamo kadiso ka nachesi, kumanga ndi pulasitiki. Mizu ya ndimu, zipatso za nachesi. Pamene bungwe lina lothandiza alimi linatsegula nazale m'mbali mwa mtsinje kufupi ndi boma, iwo ndi amene anadula nsungwi za shedi yoyamba. Anakhala kapitawo wa nazaleyo mpaka ana awo anakula. Mabwana ankabwera n'kupita, aliyense ndi maganizo ake atsopano amene anali akale omwewo, a Laston n'kumangothirira mbande.

Womaliza mwa mabwanawo anali mayi wa ku Holandi, dzina lake Marieke, limene antchito analiwongola kukhala mayi Marika. Anamutumiza kudzatseka ntchito ya bungwe. Aliyense ankadziwa kuti pochoka adzasiya nazale m'manja mwa gulu la alimi, ndi kuti iye ndi amene adzatchule munthu woiyendetsa. A Laston sananenepo kwa munthu, ngakhale kwa akazi awo a Esinati, koma nazaleyo ankaifuna ngati mmene munthu amafunira mwana amene wamulera yekha.

Poyamba zinkayenda. Mayi Marika sanali wa mu ofesi. Ankagwada m'matope, ankadziwa nthaka, ankayesetsa Chichewa chake chopindika, ndipo anazindikira msanga kuti manja a kapitawo wake anali a golide. A Laston anafika pomutcha achemwali, n'kumamuseka akadzicheka chala. Koma panali zinthu zimene zinkawasowetsa mtendere. Mayiyo akamalankhula ankakuyang'ana m'maso osaphethira, ngati wapolisi amene wakupeza ndi makala. Akakwiya nkhope inkafiira mpaka m'makutu, mawu n'kukwera, ngakhale pali anthu. Tsiku lina anakalipira dalaivala chifukwa chobwera mochedwa, ndipo tiyi asanazizire anali akuseka naye n'kumupatsa bisiketi. A Laston anaona zimenezo n'kunena mumtima kuti munthu uyu ngoopsa. Kwathu kuno munthu akafika pokukalipira pagulu ndiye kuti wakusungira zambiri, ndipo akakusekerera pambuyo pake ndiye kuti ndi chiphamaso.

Sankadziwa kuti kwawo kwa mayiyo zinthu n'zotembenuka. Kumeneko mwana amamuuza kuti undiyang'ane ndikamalankhula, ndipo wozemba maso amamuyesa wabodza. Nkhope imayenera kunena zomwe pakamwa pakunena: nkhani yoipa, nkhope yoipa. Mkwiyo amautulutsa pomwepo kuti usaole m'mimba, ukatuluka watha. Ndipo munthu amene amamuona ngati mnzake wofanana naye ndi amene amakangana naye, akuyembekeza kuti nayenso abweza. Palibe anawauza a Laston zimenezi. Palibenso anamuuza mayiyo za kwathu. Bungwe linkawononga ndalama pa misonkhano ya m'mahotela yophunzitsa anthu kusamba m'manja, koma zimenezi ayi.

Panalinso Melvin, mnyamata wa dipuloma wochokera ku Blantyre, amene bungwe linamulemba kuti azisunga za mu ofesi ndi kumasulira Chingerezi chikavuta. Iyeyu anali atagwirapo ntchito ndi azungu angapo, ndipo nkhope zonse ziwiri anali nazo. Kwa a Laston ankapinda msana n'kulandira chinthu ndi manja awiri. Kwa mayi Marika ankaimika khosi, kukwinya chipumi, kumenya tebulo ndi chala.

Vuto linabwera m'chilimwe, dzuwa la Okutobala litayamba kuphika miyala. Mbande zinali zitangomasulidwa pulasitiki, timaso ta nachesi titayamba kutulutsa timasamba tanthete. Nthawi imeneyo mbande ikasowa madzi imakomoka, ndipo kadiso kakauma ntchito ya chaka chonse yapita. Pampu yoyendera dzuwa imene inkakoka madzi mumtsinje inayamba kutsokomola, kenaka inangoti zii.

A Laston anapita ku ofesi mtima uli m'mwamba. Anapeza mayi Marika akulongedza chikwama, galimoto yopita ku msonkhano wa ku Lilongwe ikulira panja. Munthu ali pa ulendo, ungamugwetsere phiri pamutu? Anagogoda, anavula chipewa, anafunsa mmene wadzukira. Kenaka, akumwetulira mofatsa, maso ali pa mwendo wa tebulo, ananena kuti pampu ija yayamba kutivutako, madzi sakutuluka, ndipo mbande zikhoza kuvutika. Mawu onse anawanena, palibe chimene anabisa. Munthu wa kwa Nthache kapena kwa Kanduku akanaona kapitawo atasiya nazale dzuwa lili pamutu, atavula chipewa, akumwetulira chonchija, akanaika chikwama pansi. Mayi Marika anayang'ana nkhope, anaona kumwetulira, n'kuganiza kuti ndi kavuto ka masiku onse. Anati adzaitana makaniko akabwerako, n'kukwera galimoto.

A Laston anaona ngati mayiyo wamva ndipo wasankha. Bwana akasankha, iwe ndani?

Sabata imeneyo anatunga madzi ndi ndowa, iwo ndi amayi ogwira ganyu pa nazale, kukwera chitunda cha mtsinje kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. A Esinati nawo anabwera kudzathandiza. A Laston anauza Melvin kuti aimbe foni, Melvin anati walemba uthenga ndipo bwana ali mu msonkhano. Madzi a pamutu sangakwanire nazale yonse. Mizere ya kufupi ndi mtsinje inapulumuka, ya kumtunda inauma yonse, masamba kupotana ngati fodya.

Mayi Marika atabwerako anaima pakati pa mizere youmayo, nkhope inafiira, maso anadzaza misozi. Anayamba kukuwa. Amayi a ganyu anasiya ndowa n'kuima, mlonda anatuluka m'kanyumba kake, ana odutsa anakangamira pa mpanda. Anafunsa chifukwa chake sanamuuze kuti zafika pamenepa. Anafunsa ngati a Laston akudziwa kuti alimi akudikira mbandezi mvula ikagwa. Anafunsa, anafunsa, chala chili m'mwamba.

A Laston, bambo wa zidzukulu, akukalipiridwa ndi mkazi wa msinkhu wa mwana wawo pamaso pa akazi awo omwe, anachita chimene thupi lawo linaphunzira pa khonde la telala. Anagwetsa maso, anakanda m'mutu, n'kuseka pang'ono.

Mayiyo anasiya kukuwa. Anawayang'ana ngati waona njoka.

“Mukuseka? A Laston, mbande zafa, inu mukuseka?”

“Ayi mayi, sindikuseka.”

“Ndiyang'aneni. Ndiyang'aneni m'maso.”

A Laston anayesa kudzutsa mutu, koma khosi linakana, ndipo kaphwete kaja kanatulukanso kokha. Amayi a ganyu anatembenukira kumbali, ena kuphimba nkhope ndi chitenje, chifukwa iwo ankaona munthu akupempha chifundo n'kumamenyedwabe. Mayi Marika ankaona munthu amene zinthu sizikumukhudza, wozemba maso ngati wakuba. Chimene ankachidikira, ngakhale iye mwini mwina sankadziwa, chinali chakuti kapitawo wake amubwezere moto, anene kuti ndinakuuzani ine, munakwera galimoto ndinu. Akanatero, mayiyo akanaima, akanakumbukira, akanavomera pamaso pa anthu omwewo, chifukwa sanali munthu wokana cholakwa chake. Koma a Laston kukangana ndi bwana pagulu anakuona ngati kuvula malaya pa msika.

Melvin anali pomwepo. Ankamva zonse ziwiri ngati munthu wokhala pa malire amene amamva Chichewa ndi Chipwitikizi. Anangokwinya nkhope, kugwedeza mutu, n'kutola chubu chouma kuchiyang'ana mwachisoni.

M'mawa mwake mayi Marika anabwera ndi paketi ya mabisiketi, atapepukidwa. Kwa iye mphepo inali itadutsa. Anawagwira a Laston paphewa n'kunena kuti tiyeni tione zimene tingapulumutse. A Laston analandira bisiketi ndi manja awiri, n'kuiika m'thumba. Mumtima anati uyu wandichotsa kale, akungodikira tsiku.

Ndiyeno anakwiya, mkwiyo wa kwathu, umene suchita phokoso. Dzina la achemwali linatha, linabwera la bwana. Nthabwala zinatha. Kale ankamutsutsa mozungulira, amvekere kapena tiyese mwakuti, tsopano chilichonse ankangoti chabwino bwana. Mayiyo akafika iwo ankaimirira n'kuvula chipewa, akaitanidwa ku tiyi ankathokoza kwambiri n'kunena kuti amwa kale. Nazale yonse inkayenda chonyang'ama. Amayi a ganyu ankanong'onezana kuti a Gwetsani afika pomwe safikapo. A Esinati kunyumba anawapempha kuti apite akalankhule naye mzunguyo, iwo anati munthu wandinyoza pagulu ndiye abwere yekha, akuona ndithu mmene ndakhalira.

Mayi Marika sankaona. Anauza Melvin kuti a Laston asintha, ayamba ulemu ndi kumvera, zikuoneka kuti kukalipira kuja kunathandiza. Melvin anati zikuoneka choncho.

Mvula itayamba, mwana wawo wamwamuna amene ankayendetsa njinga yamoto pa boda, pa malire a dziko, anagundidwa ndi thiraki. A Laston anapita ku ofesi kukapempha masiku a maliro. Anagogoda, anapereka moni, ndipo ndi nkhope yosalala, milomo itatambasuka pang'ono kuti asagwetse munthu wina m'chisoni chawo, ananena kuti kunyumba kwagwa zovuta, mwana watisiya. Mayi Marika anagwira pakamwa, misozi inatsika pomwepo, anawakumbatira. Iwo anauma ngati mtengo, manja ali m'mbali, n'kumamutonthoza iyeyo kuti musalire bwana, zimachitika. Ku maliro mayiyo anapita. Anamva amayi akulira m'nyumba mpaka mtima kumusweka, ndipo anaona a Laston atakhala panja pakati pa amuna anzawo, maso ouma, akuyankha moni wa aliyense, adzukulu okumba manda akuseka chapatali monga amachitira. Sanaone kuti bamboyo sanaike kanthu pakamwa mpaka maliro kutha, ndi kuti mawu awo anali atatsika ngati akuchokera m'chitsime. Pobwerera anauza Melvin m'galimoto kuti sakumumvetsa munthu ameneyu, ngati mkati mwake mulibe kanthu.

Tsiku losankha woyendetsa nazale linafika. Anakhala pansi pa shedi: mayi Marika, a Laston, Melvin, akomiti ya alimi, ndi mayi Prudence, mlangizi wa zaulimi amene anali atangotumizidwa kumene ku Mwanza kuchokera kumpoto. Akomiti ankadziwa munthu amene ankamufuna, koma ankadziwanso kuti pampu yatsopano ndi njinga yamoto ya bungwe zidzatsalira amene mzungu wamutchula, ndiye anangodikira.

Melvin analankhula ataimirira. Anati nazale iyi ndi moyo wake, anati usiku sagona poganiza za mbande zinauma zija, mawu ananjenjemera, anamenya pachifuwa. Akuluakulu a komiti anayang'anana, chifukwa kwathu munthu woonetsa njala ya udindo chotere timamuopa. Mayi Marika maso anawala.

Kenaka anatembenukira kwa a Laston. Ankadziwa kuti luso lili mwa iwo, ndipo ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti aone kuti zikuwakhudza.

“A Laston, inu mukuifuna nazaleyi? Ndiuzeni zoona.”

Kunena kuti ndikuifuna, pamaso pa akuluakulu, kukanakhala dyera. Munthu amatchulidwa ndi anzake, iye n'kukana kamodzi, n'kuumirizidwa. Komanso ankakhulupirira kuti funsolo ndi mwambo chabe, chigamulo chinagwa kale tsiku la mbande. Anamwetulira, maso ali pa nsapato.

“Mmene mwaonera inu bwana. Ife ndife ongothandiza.”

Mayiyo anadikira. Iwo anadikiranso kuti awaumirize. Palibe anaumiriza mnzake. Anatchula Melvin, n'kuwonjezera kuti a Laston akhoza kutsala ngati wothirira ndi womezanitsa. A Laston anawomba m'manja limodzi ndi ena onse.

Mayi Prudence ndi amene anatsegula nkhaniyo, koma mochedwa, mapepala atapita kale ku likulu ndipo Melvin atalandira makiyi. Anali atamva kwa amayi a ganyu zonse zimene zinachitika, ndipo pa phwando lotsanzikana anamukokera mayi Marika pambali. Anamuuza kuti kumwetulira kwa tsiku la pampu kunali kwa munthu wonyamula uthenga wolemera, kuti kuseka kwa pa mbande kunali kulira, kuti ulemu wa miyezi yonse ija unali mkwiyo umene boma lonse linkaudziwa kupatula iye. Akuti mayiyo anakhala pa mpando n'kufunsa kuti nanga bwanji palibe anandiuza. Mayi Prudence anati aliyense ankayesa kuti mukuona.

Mayi Marika anapita kwa Kanduku pa galimoto mpaka pomwe msewu umathera, kwinako wapansi. Anawapeza a Laston akusula khasu. A Esinati anayala mphasa, iye anakana mpando n'kukhala pansi. Anapepesa, misozi ikutsika, Chichewa chikumuthawa. Anati pampu ija linali vuto lake, anati anawakalipira chifukwa ankawaona ngati mnzake, anati tsiku losankha lija akanangonena mawu amodzi. A Laston anamvetsera, ndipo kwa nthawi yoyamba anazindikira kuti bisiketi ija sinali chiphamaso, kuti mayiyu analidi atakhululuka m'mawa umene uja n'kumayesa kuti nawonso akhululuka. Zinawatopetsa kwambiri kuposa mkwiyo. Miyezi yonse ija anali akumenyana ndi munthu amene sankadziwa kuti kuli nkhondo.

Anamwetulira n'kunena kuti palibe kanthu, zinapita.

Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali.

“Tsopano sindikudziwa. Mukamwetulira chonchi, ndiye kuti chiyani?”

A Laston anaganiza. A Esinati anali atayang'ana kumbali.

“Ndiye kuti mwabwera kutali, ndipo ndinu mlendo pakhomo pano.”

Sananame, komanso sanayankhe. Mayiyo anati ayesa kulankhula ndi a ku likulu. Anayesadi, koma a ku likulu anali atatseka kale mabuku awo n'kuyamba ntchito ina m'boma lina, monga amachitira. Mayi Marika anakwera ndege mvula isanathe.

A Laston anapitako ku nazale kwa kanthawi, pansi pa Melvin. Mnyamatayo sanawachitire mwano, ankawapatsabe ulemu wa manja awiri, ndipo mwina n'chimene chinawapweteka koposa. Tsiku lina a Laston anapukuta mpeni wawo, anatsanzika aliyense bwinobwino, anati miyendo yayamba kuvuta pa mtunda wa ku boma. Melvin anati pepani kwambiri bambo, ndipo onse awiri ankadziwa kuti nkhani si ya miyendo.

Nazale ikadalipo. Imagulitsa mbande, zina zimagwira, zina zimabala mandimu chifukwa womezanitsa anafulumira. A Laston amayenda m'midzi ya kwa Kanduku kumezanitsa mitengo ya anthu kuseri kwa nyumba, wina amawapatsa nkhuku, wina mtedza, wina zikomo. Mawondo ayambadi kuvuta tsopano. Chaka chatha kunabwera bungwe lina ndi mzungu wina, mnyamata wa ndevu, akufunafuna munthu wodziwa manachesi, ndipo anthu anamulozera kwa a Gwetsani. Iwo atamva galimoto ikubwera anauza a Esinati kuti akanene kuti apita ku maliro kutali, n'kukakhala m'munda wa nandolo mpaka inabwerera.